Kufufuta dzina n'kosakwanira: zoyenera kuchotsa m'mawu a anthu lipoti lisanafalitsidwe

Chiwombereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, midzi ya m'boma la Phalombe yazolowera alendo obwera ndi makope komanso mafoni ojambulira mawu. Ena amachokera kumabungwe othandiza anthu, ena ndi ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, ndipo ena ndife atolankhani. Kaya ndi kwa mfumu yaikulu Jenala, kwa Nkhulambe, kwa Kaduya kapena kwa Nazombe, kachitidwe kake n'kamodzi. Anthu amasonkhanitsidwa m'kalasi kapena pansi pa mtengo, amalonjezedwa kuti maina awo sadzatchulidwa, ndipo amayankhula momasuka. Madzulo galimoto imabwerera ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Wofunsa mafunso amachoka tsiku lomwelo, koma woyankha amatsala m'mudzi momwemo, akutunga madzi pamjigo umodzi ndi anthu omwe wawatchula m'mawu ake. Pakatha milungu ingapo, mawu aja amakhala atasanduka chikalata cha masamba makumi angapo cholembedwa liwu ndi liwu, ndipo kuchokera m'chikalatacho mumatuluka lipoti lachidule la masamba awiri kapena atatu. Lipoti lachidulelo ndilo limayenda. Limapita kukhonsolo, kwa opereka thandizo, kumsonkhano wa komiti yachitukuko ya m'dera, kenako wina amaliponya pagulu la WhatsApp. Likafika pamenepo labwerera kumudzi komwe lidachokera.

Pakati pa chikalata chachitali ndi lipoti lachidule pamakhala munthu mmodzi wokhala pakompyuta, yemwe ayenera kugamula kuti ichi chituluke, ichi chitsale. Ambiri amafufuta maina ndi manambala a foni n'kuganiza kuti ntchito yatha, chikhalirecho dzina ndi chinthu chosavutitsitsa pa zonse zomwe zingaulule munthu.

Zomwe malamulo akunena

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 3 Juni 2024 ndipo likuyang'aniridwa ndi bungwe la Macra, lidafotokoza ufuluwu mwatsatanetsatane. Mfundo yake yofunika pankhani yathuyi ndi yakuti uthenga wokhudza munthu sudalira dzina lokha. Chilichonse chomwe chingachititse kuti munthu adziwike, mwachindunji kapena mozungulira, chimawerengedwa. Lamuloli limafunanso kuti uthenga ugwiritsidwe ntchito pa cholinga chomwe udatoleredwa, ndipo usapyole pomwe cholingacho chikufunira. Zokhudza umoyo wa munthu, mtundu wake, chipembedzo chake ndi maganizo ake pandale lidaziika m'gulu lofunika chisamaliro chapadera.

Lamulo silingauze wolemba lipoti kuti pamzere wakutiwakuti achotse liwu liti. Chigamulo chimenecho chimatsalira iye, ndipo njira yabwino yochimvetsera ndi kutsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Chitsanzo cha kwa Jenala

Tiyerekeze kuti bungwe lina lachititsa zokambirana m'midzi itatu ya kwa Jenala pofuna kudziwa momwe kugawa ufa kudayendera madzi atasefukira. M'mudzi uliwonse munali amayi 9, onse pamodzi 27. Chitsanzochi n'chopeka, pamodzi ndi manambala ake, koma aliyense yemwe adakhalapo pazokambirana zotere azindikira mtundu wa mawuwa. Mmodzi mwa amayiwo akuti:

"Ine amuna anga adapita ndi madzi usiku uja. Ndatsala ndi ana anayi, awiri ndi mapasa aja mumawaona pomwe ndimagulitsa zitumbuwa pageti la sukulu. Buku langa la kuchipatala nalo lidakokoloka, ndiye ndidakhala milungu itatu osamwa ma ARV. Pomwe ankalemba maina olandira ufa, a Uje, apampando a komiti, adandiuza kuti ndipereke K5,000. Ndidalibe. Dzina langa silidatuluke. Mlamu wanga adapereka, iye adalandira."

Wolemba lipoti asanakhudze liwu lililonse, adzifunse kaye kuti lipotili likulembedweranji ndipo lidzawerengedwa ndi yani. Kuno cholinga ndi kudziwitsa khonsolo ndi opereka thandizo za zolakwika pa kalembera wa olandira chakudya. Choncho m'mawu a mayiyu muli zinthu ziwiri zomwe owerenga akufunikadi kudziwa. Choyamba n'chakuti munthu adapemphedwa ndalama kuti alembedwe. Chachiwiri n'chakuti munthu womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku adawasowa kwa milungu itatu kaamba kotaya buku la kuchipatala. Zina zonse, amuna ake, mapasa, zitumbuwa, mlamu, zimakometsa nkhani koma sizisintha chomwe khonsolo iyenera kuchita. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi tsamba loyera n'kumalowetsamo zokhazo zomwe cholinga chikufuna, kusiyana ndi kutenga chikalata chonse n'kumadula pang'onopang'ono. Wodula amakhala ndi chisoni pa mzere uliwonse wokoma, ndipo pamapeto pake amasiya zambiri.

Onani tsopano kuti m'mawu onse aja dzina la mayiyu mulibe. Mulibenso nambala ya foni kapena ya chiphaso chaunzika. Wongosaka maina akadachotsa "a Uje" n'kutumiza lipoti ali ndi mtima m'malo. Koma tiwerengere monga angawerengere munthu wa m'mudzimo. Tinene kuti mudziwo uli ndi mabanja 300. Amayi amasiye angakhale 30. Mwa iwo, omwe amuna awo adakokoloka ndi madzi angakhale awiri kapena atatu. Wogulitsa zitumbuwa pageti la sukulu, wokhala ndi mapasa, ndi mmodzi yekha, ndipo ngakhale mwana wa Sitandade 2 akhoza kukulozerani nyumba yake. Mfundo iliyonse payokha si chinsinsi, poti kukhala ndi mapasa si kobisa. Zikaphatikizana zimasanduka dzina, ndipo dzinalo limamatirira ku mfundo ziwiri zoopsa: ma ARV ndi kuneneza apampando.

Vutoli si la kumudzi kokha. Mu 1997 katswiri wina wa ku America, Latanya Sweeney, adatenga zolemba za kuchipatala za ogwira ntchito m'boma m'chigawo cha Massachusetts, zomwe zidatulutsidwa maina atachotsedwa, n'kuzifananiza ndi kaundula wa ovota. Adapezamo zolemba za bwanamkubwa wa chigawocho, William Weld. Pambuyo pake adawerengera kuti anthu pafupifupi 87 mwa 100 aliwonse m'dzikolo angadziwike ndi zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya positi ya dera lomwe amakhala. Sweeney adafunika kompyuta ndi kaundula. Anthu a m'mudzi mwa mayi uja safunika chilichonse, popeza kaundula ali naye m'mutu.

Pali chinthu china chomwe olemba malipoti a m'tauni amaiwala kawirikawiri. Iwo amaganiza kuti mawu akuti "mayi wina wa ku Phalombe" amabisa munthu pakati pa anthu oposa 400,000 omwe kalembera wa 2018 adapeza m'bomalo. Koma zokambirana za m'mudzi sizichitika mobisa. Kawirikawiri ndi nyakwawa kapena a komiti omwe amaitanitsa anthu, ndipo mudzi wonse umaona omwe alowa m'kalasi muja. Lipoti likangotchula mudzi ndi tsiku, wofuna kudziwa yemwe adayankhula sasaka pakati pa anthu 400,000, amasaka pakati pa amayi 9. Ngati apampando a komiti ndiwo adasankha amayiwo, ali ndi mndandanda wawo m'thumba. Choncho funso loyenera ndi lakuti: munthu yemwe angakhumudwe kwambiri ndi mawuwa akawawerenga, angadziwe kuti adayankhula ndani, ndipo angamuchite chiyani? M'chitsanzo chathu yankho n'lodziwika. Angamuchotse pa kalembera wotsatira, kaya ndi wa ufa, wa Mtukula Pakhomo kapena wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo, ndipo mayiyo sangakhale ndi umboni woti chifukwa chake ndi lipoti lija.

Kuchotsa, kuzimbaitsa, kulekanitsa

Wolemba ali ndi njira zitatu m'manja mwake, ndipo luso lagona posankha yoyenera pa mfundo iliyonse.

Mapasa, zitumbuwa ndi geti la sukulu zichotsedwe kotheratu, chifukwa zimaloza munthu koma sizithandiza wowerenga. Mlamu nayenso achoke, ndipo iyeyu ndi wofunika kumuganizira mwapadera. Iye sadalipo pazokambirana, sadavomere kalikonse, koma mawu a mnzake akumuonetsa ngati munthu wopereka chiphuphu. M'zikalata zotere anthu ovulala kwambiri nthawi zambiri amakhala otchulidwa ndi ena: mwamuna womwa mowa, apongozi oganiziridwa ufiti, mwana wa oyandikana nawo yemwe adatenga mimba. Woyankhula angavomere kuti za iye mwini zituluke, koma alibe mphamvu yovomerera anzake.

Dzina la mudzi lizimbaitsidwe, kutanthauza kulikweza kufika pamlingo wokulirapo. Mmalo motchula mudzi, lipoti linene kuti "midzi itatu ya kwa Jenala". Pamenepo gulu lobisalamo lakula kuchoka pa amayi 9 kufika pa 27. Chimodzimodzinso zaka: "wa zaka 43" asanduke "wa zaka za pakati pa 40 ndi 49", kapena zaka zingochoka ngati sizikuthandiza. Tsiku lenileni lisanduke mwezi. Umasiye wa mayiyu ndi wovutirapo. Ngati amasiye angapo m'midzi yonse itatu adadandaula zofanana, umasiye ndi gawo la zomwe kafukufuku wapeza, ndipo uyenera kukhala, chifukwa ukusonyeza kuti osiyidwa ndi omwe alibe owayankhulira. Ngati ndi iye yekha, liwu lakuti "wamasiye" likhoza kumuulula, ndiye lichoke.

Nanga K5,000? Apa ndi pomwe pamaoneka kuti palibe mndandanda wa zochotsa womwe ungagwire ntchito paliponse. Ngati anthu ambiri adatchula ndalama yomweyo, nambalayi ndi umboni wamphamvu wosonyeza kuti panali mtengo wokhazikika, ndipo siloza munthu aliyense. Ikhale. Koma ngati ena adapemphedwa K2,000, ena nkhuku, ndipo mayiyu yekha ndiye adauzidwa K5,000, ndiye kuti apampando akaona nambalayo adzakumbukira nkhope. Pamenepo lipoti lingoti "adapemphedwa ndalama kapena katundu". Kuti munthu agamule bwino, ayenera kuwerenga zikalata za midzi yonse itatu asanayambe kudula chilichonse.

Njira yachitatu, yolekanitsa, ndiyo imaiwalika kwambiri. Nkhani ya ma ARV ndi ya chiphuphu zonse n'zofunika, koma palibe chifukwa choti wowerenga adziwe kuti zidatuluka pakamwa pamodzi. Ya chiphuphu ipite m'gawo la kalembera, ya mankhwala ipite m'gawo la zaumoyo, popanda chizindikiro chozilumikiza. Ofufuza ambiri amakonda kupatsa oyankhula manambala, monga "Mayi 4", n'kumagwiritsa ntchito nambala yomweyo m'lipoti lonse. Izi n'zothandiza m'chikalata chogwirira ntchito, koma m'lipoti lofalitsidwa zimapatsa wowerenga ulusi. Patsamba loyamba Mayi 4 ndi wamasiye, patsamba lachiwiri amachita geni, patsamba lachitatu amamwa mankhwala. Wolemba wabalalitsa zidutswa, koma nambala ija yazisonkhanitsanso.

Pa za HIV pali lamulo lakelake la 2018 lomwe limaletsa kuulula momwe magazi a munthu alili popanda chilolezo chake. M'gulu laling'ono ngati la amayi 27, ngakhale kunena kuti "mmodzi mwa iwo amamwa ma ARV" kumaika onse pamphuno pa miseche. Ngati uthenga wopita kwa akuluakulu a zaumoyo ndi wakuti otaya mabuku a kuchipatala adavutika kupeza mankhwala, mawu akuti "mankhwala omwa tsiku ndi tsiku" akukwanira m'lipoti la anthu onse, chifukwa amaphatikizanso odwala shuga, khunyu ndi kuthamanga kwa magazi. Mtundu weniweni wa mankhwala ukhoza kuperekedwa padera kwa ofesi ya zaumoyo yokha.

Zikatero, mawu a mayi uja angatuluke motere. M'gawo la kalembera: "Mmodzi mwa amayi 27 omwe adacheza nafe m'midzi itatu ya kwa Jenala adati adapemphedwa ndalama ndi membala wa komiti kuti alembedwe, ndipo atalephera kupereka sadalandire ufa." M'gawo la zaumoyo: "Kutayika kwa mabuku a kuchipatala kudachititsa kuti munthu akhale milungu itatu osalandira mankhwala omwa tsiku ndi tsiku." Onani kuti lipoti likunena "mmodzi". Pamakhala chiyeso cholemba "amayi ena" pofuna kubisa bwino, koma kumeneko ndi kunama, ndipo kukadziwika lipoti lonse limataya mphamvu. Kuzimbaitsa n'kololedwa, kusintha zoona n'kosaloledwa. Ngati wolemba wasintha dala kanthu kakang'ono, monga kupatsa munthu dzina lopeka, anene poyera kumayambiriro kwa lipoti kuti watero.

Za apampando

Tsopano tabwera pa munthu yekhayo yemwe dzina lake lidatchulidwa. Kuchotsa "a Uje" n'kusiya "apampando a komiti" n'kungodzinamiza, chifukwa komiti imakhala ndi wapampando mmodzi. Udindo wokhala ndi munthu mmodzi ndi dzina: mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, nyakwawa, mbusa wa mpingo wakutiwakuti. N'chifukwa chake m'chiganizo chathu tidalemba "membala wa komiti", ndipo popeza midzi ndi itatu, makomiti nawonso ndi atatu.

Wina angafunse, ndipo n'zomveka, kuti bwanji tikuteteza munthu wolanda amasiye ufa. Mayankho ndi awiri. Loyamba n'lakuti zomwe zili m'chikalata ndi chinenezo cha mbali imodzi. Apampandowo sadafunsidwe, ndipo kufalitsa dzina lawo pa umboni wotere kungathe kukhala kuipitsa mbiri, komwe wolemba ndi bungwe lake angakayankhire kukhoti. Lachiwiri ndi lomwe taona kale: kutchula woneneredwa ndi njira yachidule youlula woneneza.

Koma pali kulakwitsa kwa mbali inayo, komwe ineyo ndimakuona kukhala koipa mofanana. Ndiko kutsuka lipoti mpaka kutsala chiganizo ngati chakuti "panali zovuta zina pa kalembera". Chiganizo chotere sichiteteza mayi uja, chimateteza wolakwa, ndipo mabungwe ena amachikonda chifukwa sichikhumudwitsa aliyense. Mayiyo adayankhula pofuna kuti china chake chisinthe. Njira yolungama ndi kukhala ndi zikalata ziwiri. Lipoti la anthu onse linene momveka chomwe chidachitika, popanda kuloza munthu. Dzina ndi tsatanetsatane zipite mwachinsinsi kwa omwe ali ndi mphamvu yofufuza, monga bwanamkubwa wa boma kapena bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, mayiyo atafunsidwa kaye ngati akufuna kuti zitero, komanso atauzidwa zomwe zingatsatire. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limatsata mzere womwewu: zochita za maofesi otumikira anthu zikhale poyera, koma uthenga wa munthu wina payekha utetezedwe.

Mlingo wake umasinthanso malinga ndi udindo. Mawu omwe phungu kapena mkulu wa kukhonsolo wayankhula pamsonkhano wa anthu onse, ali pantchito yake, safunika kubisidwa, ndipo kuwabisa n'kumana anthu mwayi womufunsa. Mawu omwe mlembi wamng'ono wa ofesi yomweyo wanong'oneza wofufuza atalonjezedwa chinsinsi ndi nkhani ina.

Pomwe chisankho palibe

Pali mfundo zingapo zomwe sizifuna kusinkhasinkha kwambiri. Tinene kuti m'zokambirana zomwezo mayi wina wanena kuti mwana wake wa zaka 15, wa Sitandade 7, adapatsidwa mimba ndi munthu wamkulu pomwe ankakhala pamsasa. Chisinthireni malamulo aakulu mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kufalitsa dzina, sukulu kapena chilichonse cholozera mwana yemwe nkhani yake ili m'khoti la ana. Nzeru yomweyo ndiyo yoyenera kutsata ngakhale nkhani isanafike kukhoti. Zaka zenizeni, kalasi, sukulu ndi dzina la msasa zonse zichoke. Komabe iyi si nkhani yongofufuta n'kuiwala. Iyenera kukafika kuofesi yosamalira anthu ya pa boma, kupolisi, kapena kunambala yothandiza ana ya 116, lipoti lisanalembedwe n'komwe.

Chimodzimodzi ngati wina watchula kuti pakhomo pake pali mwana wachialubino. M'dziko lomwe anthu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa, kulemba mudzi womwe mwana wotere amakhala, makamaka kunena kuti nyumba yawo idagwa ndipo akugona m'chisakasa chopanda chitseko, n'kupereka mapu kwa achifwamba. Vuto la chitetezo cha mabanja otere likhoza kulembedwa pamlingo wa boma lonse.

Mawu enieni ndi lonjezo

Lipoti lopanda mawu enieni a anthu limazizira, ndipo aliyense wolemba amafuna kuikamo chiganizo chimodzi kapena ziwiri zogwira mtima. Koma munthu amadziwikanso ndi kayankhulidwe. Wina amakonda mwambi umodzi womwe mudzi wonse umamudziwa nawo, wina amasakaniza Chilomwe kuposa anzake, wina satha chiganizo osatchula vesi. Mawu akamasuliridwa m'Chingerezi zizindikirozi zimafufutika, koma lipoti la m'Chichewa, kapena lowerengedwa pawailesi, limazisunga. Mawu oyenera kuwagwira momwe adayankhulidwira ndi omwe akadatha kutuluka pakamwa pa aliyense mwa amayi 27 aja. Ena onse afotokozedwe m'mawu a wolemba.

Ife atolankhani sitingaloze ena chala pankhaniyi. Kangati tawerenga m'nyuzipepala za "mayi wina yemwe sadafune kutchulidwa dzina", kenako chiganizo chotsatira n'kutiuza zaka zake, mudzi wake, chiwerengero cha ana ake ndi geni yomwe amachita?

Chilolezo chomwe munthu adapereka nachonso chili ndi malire. Kudinda chala papepala sikutanthauza kuvomera chilichonse. Wolemba abwerere kumayambiriro kwa mawu ojambulidwa n'kumvetsera zomwe wofunsa mafunso adalonjeza m'Chichewa, chifukwa nthawi zambiri zimasiyana ndi zomwe zili pafomu ya Chingerezi. Ngati adati "izi n'zothandiza ife a bungwe basi", ndiye kuti lipoti lopita pa intaneti lapyola lonjezo, ndipo pafunika kubwerera kukapempha kapena kuzimbaitsa kwambiri. Ngati pena m'kati mwa zokambirana munthu adati "izi musalembe", mawu amenewo ndi kubweza chilolezo pa gawo limenelo, ngakhale foni idapitiriza kujambula. Ndipo ngakhale munthu atanena molimba mtima kuti "lembani dzina langa, sindiopa", wolemba aganizire kuti kulimba mtima kwa tsiku lomwe alendo alipo sikufanana ndi kwa miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo, kalembera wina akuyamba.

Zotsalira m'kompyuta

Chigamulo chabwino chikhoza kuonongeka ndi kachinthu kakang'ono. Kupaka mzere wakuda pamwamba pa dzina mu Word kapena mu PDF sikuchotsa dzinalo. Wolandira akhoza kukopera malowo n'kuwamata kwina, dzina n'kuonekera. Mawu ayenera kufufutidwa ndithu. Ngati Track Changes inali yoyatsa, zonse zomwe zidafufutidwa zikadali m'fayilo, pamodzi ndi ndemanga za m'mbali zomwe anzanu adalemba, monga yakuti "uyu ndi mayi wa zitumbuwa uja". Mu Word muli Inspect Document, pansi pa File kenako Info, yomwe imasaka ndi kuchotsa zotsalira zotere. Chotetezeka kwambiri ndi kulemba lipoti lachidule m'fayilo yatsopano.

Find and Replace nayo si yodalirika pa maina a kuno. Munthu mmodzi m'chikalata chimodzi akhoza kutchulidwa ndi dzina lake, ndi mfunda wake, ndi dzina la mwana wake monga "make Uje", ndi dzina lachipongwe, ndipo wolemba mawu uja akhoza kulemba dzina lomwelo pena ndi l pena ndi r. Kompyuta imapeza kalembedwe kamodzi kokha komwe mwaiuza. Palibe chidule, chikalata chiwerengedwe chonse ndi maso. Onaninso dzina la fayilo, lomwe kawirikawiri limanyamula mudzi ndi tsiku, komanso zakumapeto kwa lipoti. Malipoti ambiri osamalidwa bwino m'kati amathera ndi mndandanda wa opezekapo, wokhala ndi masiginecha ndi manambala a foni, chifukwa opereka ndalama amafuna umboni woti msonkhano udachitikadi. Pachikuto pamakhala chithunzi cha amayi onse 9 atakhala pamkeka. Umboni umenewo upite kuofesi ya zachuma pawokha.

Chikalata choyambirira sichitayidwa msanga, chifukwa ndicho chingatsimikize lipoti wina akalitsutsa. Chisungidwe chotsekedwa ndi mawu achinsinsi, ndipo mndandanda wosonyeza kuti Mayi 4 ndani usungidwe pamalo ena. Mawu ojambulidwa afufutidwe m'foni ya wofunsa mafunso akangosamutsidwa, popeza foni imabwerekedwa, imabedwa, imapita kwa okonza. Bungwe ligwirizanenso tsiku lomwe lidzafufute zonse.

Lipoti lisanatuluke, liyesedwe. Wolemba yemwe amakhala ku Area 47 kapena ku Namiwawa sangadziwe kuti ndi mfundo iti yomwe ikuloza munthu kwa Jenala. Wodziwa ndi yemwe adali nawo m'kalasi muja, monga womasulira kapena wolemba manotsi wodziwa deralo, yemwe adalonjeza kale kusunga chinsinsi. Asapatsidwe munthu watsopano wa m'mudzimo, chifukwa kutero n'kuulula komwe. Apatsidwe lipotilo n'kufunsidwa pa chiganizo chilichonse kuti akuganiza kuti adanena ndani, ndipo chamuthandiza kudziwa n'chiyani. Akati wakumbukira chifukwa adali pomwepo, palibe vuto. Akati "aliyense angadziwe, wamasiye wa m'mudzi muja ndi mmodzi", chiganizocho chibwerere pakompyuta.